Malemu akabwera kutulo n'kunena kuti akumva kuzizira: mmene mabanja a ku Mchinji amaweruzira

Mwa maloto onse okhudza anthu amene anatisiya, amene amasokoneza mabanja kwambiri ndi aja oti malemu akupempha kanthu. Kulota agogo akungodutsa kapena akusenda mtedza pakhonde sikudetsa nkhawa, munthu amadzuka n'kunena kuti ndinawaona, basi. Zimavuta malemuwo akalankhula, monga kunena kuti ndikumva kuzizira, mvula ikundivumba, ndili ndi ludzu, kapena mwandiiwala. Mawu otere amafuna yankho, ndipo yankholo limadya ndalama, limafuna chilolezo cha mfumu, komanso likhoza kuikitsa munthu pa chilango kumpingo.

M'midzi ya Achewa a ku Mchinji, ya kwa Mkanda, kwa Dambe kapena kwa Mavwere, kumasulira kwa maloto otere n'kodziwika. Kuzizira, kuvumbwa ndi mvula ndi kuyenda wausiwa amati ndi manda amene alibe chiliza kapena amene anagumuka n'kumera thengo. Ludzu amati ndi mowa wa chikumbutso umene sunafululidwe, njala ndi chakudya chimene abale sanadyere pamodzi m'dzina la malemuyo. Pansi pa zonsezi pali chikhulupiriro choti munthu akamwalira mzimu wake sukhazikika tsiku lomwelo, umakhalabe pafupi ndi mudzi mpaka miyambo yonse itatha, kuyambira kumeta kwa pambuyo pa maliro kufikira mwambo womaliza umene ena amati mpalo, ena bona. Mwambowo ukalekezedwa panjira, mzimu umakumbutsa, ndipo njira yake yoyamba ndi maloto. Akulu amati ukapanda kumveka umayamba kugogoda ndi matenda a ana kapena minyama.

Tiyerekeze banja limodzi lotere. Agogo aakazi anamwalira zaka zitatu zapitazo ndipo anaikidwa kumanda a kumudzi kwawo. Mdzukulu wawo wamkazi, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, wawalota kawiri m'mwezi umodzi atafunda chitenje chonyowa, akuti, “Iwe, ndikuzizidwa kuno, ndipo kukhosi kwauma.” Ana a malemuwo ndi anayi. Wamkulu ndi mwamuna, mwini mbumba, sapita kutchalitchi ndipo ndi wolowa kudambwe. Wachiwiri ndi mayi wa Chigwirizano mu CCAP, ndiye mayi wake wa wolotayo. Wachitatu ndi Mkatolika wa mumphakati, ndipo chitsiriza amapemphera ku mpingo wa chipentekoste kuboma.

Choyamba chimene chimachitika n'chakuti wolotayo sachita kanthu payekha. Amauza mayi ake, mayi akewo n'kukauza mlongo wawo, mwini mbumba. Dongosolo ili lili ndi chifukwa. Pa Chichewa manda ndi a mbumba, ndipo woyankhira za munthu wa mbumbayo, wamoyo kapena wakufa, ndi atsibweni. Mdzukulu ngakhale ali ndi ndalama zogulira simenti yonse sangalowe kumanda n'kuyamba kumanga. Akatero amalipitsidwa kwa mfumu, komanso mwana wina akadwala pambuyo pake mlandu umagwera iye. Malemu akakhala bambo amene anali mkamwini n'kukaikidwa kwawo, ana ake ayenera kudzera kwa abale a bamboyo. M'madera a Angoni, monga kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni, mabanja ambiri amatsata kuchimuna, ndiye mawu omaliza amachokera kwa abale a bambo. Mabanja osakanikirana amayamba akangana za mwini nkhani asanafike n'komwe pa malotowo.

Mwini mbumba wanzeru sathamanga. Amayamba wafunsa, ndipo mafunso ake ndi amene amasiyanitsa loto la mzimu ndi loto wamba. Kodi nkhope inaoneka bwinobwino, ndipo mawu anali awo enieni? Analankhula modekha ngati mmene ankachitira ali moyo, kapena anabwera moopseza? Malotowo abwera kangati, ndipo alipo wina pabanjapo amene walota zofanana asanamve za woyambayu? Chimene akupemphacho n'chinthu chimene tinasiyadi osachita? Funso lomalizali ndi limene limalemera. Ngati manda alibedi chiliza ndipo chikumbutso sichinachitike, akulu amangogwedeza mutu kuti n'zoona, ngongole ilipo. Ngati zonse zinachitika, amakayika.

Mwambo womwewo uli ndi maloto amene umawakana. Mzimu wa kholo umapempha zazing'ono ndi zodziwika, monga mowa, ufa, kusesa pamanda, kutcha mwana dzina lake, kuyanjanitsa abale amene sakulankhulana. Chobwera usiku n'kumakanyanga pakhosi, chosaoneka nkhope, chokuitana kuti tiye unditsate, kapena cholamula kuti uvulaze munthu, akulu amati chimenecho ndi chiwanda kapena zochita za anthu, si agogo. Amafunsanso ngati wolotayo anali kudwala. Malungo akakwera munthu amalota zoopsa, mankhwala ena monga efavirenz amene anali m'ma ARV ena amadziwika kuti amabweretsa maloto amphamvu, ndipo munthu amene analephera kufika pamaliro kawirikawiri amalota malemuwo kwa nthawi yaitali chifukwa cha chisoni chosatha. Pa nkhani yathuyi, mdzukuluyu analeredwa ndi agogowo ndipo ndi iye yekha amene amalandira malipiro pamwezi. N'zosadabwitsa kuti ndi iye amene akulota za chiliza, ndipo wa mwambo ndi wa mpingo onse amaziona zimenezi, kungoti amazimasulira mosiyana.

Tsopano abale anayi aja akhala pansi. Mawu akuti “a mpingo” amabisa zambiri, chifukwa atatu opempherawa sakunena chinthu chimodzi.

Mayi wa CCAP ali pansi pa Sinodi ya Nkhoma, imene inachokera ku mishoni ya Dutch Reformed yoyambira ku Mvera mu 1889. Chiphunzitso chake n'chakuti womwalira ali m'manja mwa Mulungu, sasowa kanthu kwa amoyo ndipo amoyo sangamusinthire kanthu. Mavesi amene mayiyu adzatchule ndi Deuteronomo 18:10-12, woletsa kufunsira kwa akufa, nkhani ya Sauli kwa mkazi wa ku Endori pa 1 Samueli 28, ndi Luka 16:19-31 pamene munthu wachuma anapempha kuti Lazaro atumidwe kwa abale ake koma anakanizidwa. Pa zochita, mzere wake ndi woonekeratu: safulula mowa, sathira nsembe, saitana Gule Wamkulu, ndipo akapezeka atachita nawo nkhani imapita kwa akulu a mpingo, akhoza kuimitsidwa pa mgonero. Chiliza pachokha sachikana, malinga chimangidwe ngati chizindikiro cha pamene pagona mayi ake, osati ngati yankho kwa mzimu.

Mkatolika akuima pena. Mchinji ndi dera limene Chikatolika chinazika mizu kale, kuyambira pa mishoni ya Kachebere ya mu 1903, kudzanso Guilleme ndi Ludzi. Mpingowu umaphunzitsa kuti amoyo akhoza kupempherera akufa, potsamira 2 Amakabeo 12, buku limene mulibe m'Baibulo la Aprotestanti, ndipo pa 2 Novembala pamakhala tsiku lokumbukira omwalira onse, mwezi wonsewo anthu n'kumayendera ndi kudalitsa manda. Choncho kwa iye loto loti mayi akuvutika lili ndi kolowera: akalembetse Misa yowapempherera, a mumphakati abwere kudzachita mapemphero, bambo mfumu kapena akatekisiti adalitse chiliza. Mowa wa masese pachikumbutso sauona ngati tchimo pawokha. Chimene sangachite ndi kuombeza kwa sing'anga kapena kupempha kwa mzimu ngati kuti ndiwo mwini moyo.

Chitsiriza uja akunena zolimba kuposa onse. Kumpingo kwake amaphunzitsa kuti chimene chabwera kutulo ndi mzimu woipa umene wavala nkhope ya agogo, ndipo amatchula 2 Akorinto 11:14, pamene akuti Satana amadzionetsa ngati mngelo wa kuunika. Kwa iye kumvera lotolo ndi kutsegula khomo, ndipo mankhwala ake ndi kusala kudya ndi mapemphero omasula banja ku mizimu ya kumtundu. Pakanakhala wa Seventh Day Adventist akanafika pa mfundo yofanana kudzera njira ina, kuti akufa ali m'tulo ndipo sadziwa kanthu, monga pa Mlaliki 9:5.

Mwini mbumba amayankha mwachidule. Amati Chauta ndi mmodzi, ife sitipembedza amayi, tikungowapatsa ulemu wawo ngati mmene tinkawapatsira madzi akumwa ali moyo, ndipo lamulo loti lemekeza atate ako ndi amako lili m'buku lanu lomwelo. Wina wodziwa Baibulo amaonjezapo kuti Yosefe analumbiritsa abale ake za mafupa ake, ndipo Mose anawanyamuladi potuluka mu Iguputo.

Mkangano woti analankhula kutulo ndani suthera pabwalo la banja, ndipo mabanja amene amayesa kuuthetsa ndi amene amabalalika osamanga kanthu. Amene zimawayendera amausiya pambali n'kuphwanya pempholo m'zigawo, chilichonse n'kufunsa kuti achite ndani, alipire ndani, apezekepo ndani. Pa loto la kuzizira ndi ludzu zigawozo zimakhala chiliza, chakudya, mowa, nsembe ndi gule.

Chiliza ndicho chimene onse anayi angasonkhere, ngakhale aliyense mumtima ali ndi chifukwa chake. Mwini mbumba amakapempha chilolezo kwa nyakwawa, atatenga nkhuku kapena ndalama monga mwa mwambo wa mudziwo, ndipo mfumu ndiyo imauza adzukulu, aja okumba manda, kuti atsogolere. M'midzi imene manda ali pamodzi ndi dambwe, kulowa popanda chilolezo ndi mlandu waukulu, makamaka kwa amayi ndi osavinidwa. Adzukulu amafunikanso pa chifukwa china: patatha zaka zitatu mitumbira imafanana, ndipo zimachitika ndithu kumanga chiliza pamanda a munthu wina. Ofunika kuloza ndi amene anakumba, pamaso pa mboni za mabanja oyandikana.

Nthawi yabwino ndi ya chilimwe, kuyambira Juni mpaka Okutobala, anthu atagulitsa mtedza, soya ndi fodya, njerwa zitaotchedwa. Manda ayenera kukhala atapyola dzinja limodzi kapena awiri kuti dothi lititimire. Omanga msanga amapeza chiliza chitang'ambika pakati kapena chitapendekeka mvula yoyamba ikangogwa. Chiliza wamba cha njerwa, cha mamita awiri m'litali ndi imodzi m'lifupi, chimadya njerwa zapakati pa 300 ndi 500 ndi matumba anayi kapena asanu a simenti a makilogalamu 50, kutengera kutalika kwake ndi mwala wa kumutu. Maziko akumbidwe kunja kwa dzenje lenilenilo, pa nthaka imene sinakumbidwepo. Thumba limodzi lisapitirire mawilibala atatu a mchenga pomangira, awiri popaka pulasitala, ndipo pamwamba pake paikidwe waya mkati mwa konkire. Akamaliza azithirira madzi m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu. Apa ndi pamene ambiri amalakwa, chifukwa kumanda si malo oti munthu azingopitako yekha, ndiye wothirira asankhidwiretu ndipo mfumu idziwe. Tikutchula zimenezi chifukwa chiliza chikang'ambika, pabanja pamabuka kumasulira kwina, wina amati agogo akana chifukwa simunathire nsembe, wina amati mwaona zimene ndinkanena, pamene vuto linali mchenga wochuluka.

Chakudya nachonso sichivuta. Thumba limodzi la chimanga la makilogalamu 50 likagayitsidwa limakwanira nsima ya anthu oposa 100 pa chakudya chimodzi, kuonjezapo mbuzi imodzi kapena ziwiri, nyemba, kabichi ndi thobwa. Chofunika kugwirizana ndi mawu onenedwa popha mbuziyo. Ikaphedwa ngati ndiwo, aliyense amadya. Wina akangolankhula kwa malemu pamene mpeni ukugwira pakhosi, mayi wa Chigwirizano ndi chitsiriza uja sadya, ndipo adzamva kuti anapusitsidwa.

Mowa ndiwo umagawa anthu. Masese safululidwa tsiku limodzi. Chimanga kapena mawere amaviikidwa, amafundikidwa mpaka atamera, chimeracho n'kuyanikidwa ndi kusinjidwa, kenako kuphika ndi kudikira kuti usase, zonse pamodzi kupitirira sabata. Ntchitoyi ndi ya amayi, ndiye funso limakhala lakuti afulule ndani pamene mwana wamkazi wamkulu mpingo wake sulola. Njira imene mabanja ambiri amatsata ndi yoti mowa ufululidwe kunyumba kwa mwini mbumba ndi akazi ake kapena achibale ena osaletsedwa, ndi chimanga cha iye mwini, ndipo ndalama zosonkha za chiliza zisakhudze mowawo. Mayi wa CCAP amaphika thobwa kwake. Pali akulu ena amene amavomera kuti thobwa lilowe m'malo mwa mowa, poti nalonso ndi la chimera, ena amakana kuti agogo sankamwa thobwa.

Nsembe yeniyeni ndi kanthu kakang'ono kwambiri poyerekeza ndi phokoso limene imabweretsa. Mbandakucha mwini mbumba ndi akulu awiri kapena atatu amapita patsinde pa mtengo, kawirikawiri msolo kapena mpoza, kapena kumutu kwa manda, atatenga ufa m'kansengwa ndi mowa woyamba kutungidwa m'chikho. Amagwada, amaomba m'manja, wamkulu n'kutchula malemu ndi mfunda wawo, n'kunena mawu onga awa: “Pepani amayi, tamva. Nyumba yanu ndi iyi takumangirani, mowa wanu ndi uwu. Gonani, muwasiye ana agone tulo, mudzi ukhale wozizira.” Amathira ufa ndi mowa pansi n'kubwerera. Sizitenga ngakhale theka la ola. Apa palibe kugawana pakati, munthu amapezekapo kapena sapezekapo. Chimene banja lingachite ndi kusiyanitsa nthawi: a mwambo achite zawo m'mawa kapena dzulo lake, a mpingo afike masana ndi nyimbo ndi mapemphero.

Kusiyanitsa nthawi kotereku kuli ndi msampha wake. Mabanja ena amabisira abusa kuti m'mawa munachitika nsembe, ndipo mlaliki akafika pamanda n'kupeza ufa woyera kumutu kwa chiliza, mwambo umathera pomwepo, mayi uja n'kuitanidwa kubwalo la mpingo pa chinthu chimene sanachite. Kuli bwino mayiyo apite yekha kwa mkulu wa mpingo wa dera lake zisanachitike, akanene poyera kuti ine ndasonkha za chiliza ndi chakudya, alongo anga adzachita za mwambo wawo paokha, ine sindidzakhalapo. Mipingo imasiyana pa zimene imalola pa tsiku loonetsa chiliza, ngakhale ya sinodi imodzi, ndiye afunsiretu ngati abusa kapena akulu adzabwere, komanso pa mfundo ziti.

Gule Wamkulu ndi nkhani ya malemuwo mwini. Ngati anali wa mwambo, monga namkungwi kapena munthu wa kubanja la ufumu, a kudambwe amaona kuti chikumbutso chopanda zilombo n'chosakwanira, ndipo mfumu ya mzinda ndiyo imalamula. Bungwe la UNESCO linazindikira guleyu mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe, koma zimenezo sizinasinthe malamulo a Sinodi ya Nkhoma kwa Akhristu ake. Ngati malemu anafa ali Mkhristu ndipo maliro awo anayendetsa ndi a mpingo, kuitana gule kumaoneka ngati kuwalanda. Muyeso umene umathetsa mikangano yambiri ndi wofunsa kuti iwo eni ali moyo ankayenda njira iti, ndipo anaikidwa ndi ndani. Pa banja lathuli, agogo anali Mkatolika wofooka amene ankamwa masese koma sanali wa gule, ndiye gule wachotsedwa, mwini mbumba wavomera monyinyirika.

Pali zinthu zitatu zimene zimaononga nkhani ngati iyi, ndipo pa izi sitiona chifukwa chonyengerera mbali iliyonse. Choyamba ndi kuchedwetsa wodwala. Loto likabwera pamene mwana akutentha thupi kapena akukomoka, mwanayo apite kuchipatala tsiku lomwelo akayezedwe malungo. Mowa umatenga sabata kuti upse, pamene malungo a mwana wamng'ono akhoza kupha m'masiku awiri. Kusala kudya kwa masiku atatu nakonso kudikire.

Chachiwiri ndi womasulira wolipidwa, kaya ndi sing'anga kaya ndi mneneri. Chizindikiro chake n'chimodzi: pempho laling'ono limakula likafika kwa iye. Agogo anapempha chofunda, iye akuti pakufunika mbuzi yakuda ndi ndalama, kapena mafuta odzozera ogula kwa iye yemwe, ndipo mukabwerako akuti mubwerenso. Choopsa koposa ndi pamene aloza munthu wamoyo, kawirikawiri gogo wina wamasiye wa m'mudzimo, kuti ndiye akutuma malotowo. Lamulo la za ufiti la mu 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo nkhalamba zavulazidwa ndi kuphedwa m'dziko muno chifukwa cha mawu otere.

Chachitatu ndi ngongole. Palibe mwambo wa Chichewa umene umati chiliza chikhale cha matailosi kapena mwala wogula mumzinda. Zimenezo ndi mpikisano wa amoyo. Banja likagulitsa chimanga cha m'nkhokwe mu Ogasiti kapena kutenga katapila kuti lidyetse mudzi wonse, mu Januwale limagona ndi njala. Mwambo uli ndi njira yake yopemphera nthawi: mwini mbumba amathira kaufa pang'ono n'kunena kuti tamva, tidikireni tikolole. A mpingo nawo akhoza kuika tsiku la chaka chamawa n'kuyamba kugula simenti pafupi ndi nthawiyo, popeza ikasungidwa miyezi yambiri m'nyumba ya chinyontho imauma m'thumba.

Funso limatsala lakuti zikatha zonsezi koma mdzukulu uja n'kumalotabe, zikhala bwanji. A mwambo amayang'ana ngati pali china chimene chinatsala, ndipo kawirikawiri chimapezeka pakati pa amoyo, monga munda wa malemu umene wina anadzitengera, katundu amene sanagawidwe, kapena ana awiri amene sanapatsane moni kuyambira tsiku la maliro. Akatolika amalembetsanso Misa, enawo amapitiriza mapemphero. Koma ngati wolotayo wasiya kugona, sakudya, akuonda, akulephera ntchito, kapena wayamba kunena kuti agogo akumuitana ndipo akufuna kuwatsata, asasiyidwe yekha, ndipo aperekezedwe kuchipatala cha boma kukaonana ndi a zaumoyo wa m'maganizo sabata yomweyo, abale akupitiriza zokambirana zawo.